Nkhope ya malemu pa chithunzi chonyowa, ndi zomwe azakhali anandinena

"Achimwene, chithunzi cha ukwati wa makolo anga chinanyowa ndi mvula ndiye nkhope ya bambo inafufutika yonse. Ndili ndi kachithunzi kawo kena kamene msuweni anasikana n'kunditumizira pa WhatsApp koma n'kosawoneka bwino. Kodi zingatheke kutenga nkhope ya pamenepo n'kuyika pa chaukwaticho?"

Achemwali, imelo yanuyi ndinayiwerenga usiku ndipo sindinayankhe msanga chifukwa inandikumbutsa manyazi amene ndinachita ndekha, nkhani yake mpaka pano kwathu amandiseka nayo pakakhala zochitika. Agogo anga aamuna anali ndi chithunzi chimodzi chokha chomwe anajambulitsa ndi agogo aakazi, awiriwo ataima pa situdiyo kumbuyo kuli nsalu ya maluwa, ndipo chinkakhala mu fulemu pakhoma la pabalaza. Denga linkadontha pomwepo zaka zambiri osadziwa munthu, chithunzi chinamatirira ku galasi, ndiye mwana wina wa nzeru zake anafuna kuchimatula, nkhope ya agogo inatsalira pa galasipo ngati phala. Thupi lilipo, jekete lilipo, tayi ilipo, mutu mulibe.

Chomwe tinali nacho china ndi kachithunzi kakang'ono ka pa chiphaso chawo cha nthawi imene ankapita ku Joni pa Wenela. Ine nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kumene kugwira Photoshop, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi, mtima uli m'mwamba, ndinati izi n'zazing'ono. Ndinadula nkhope ija, kuyikuza, kuyinola mpaka maso kuwala ngati a pa kalendala, ndipo poti pa chiphaso ankayang'ana pang'ono kumanja pomwe thupi la pa chithunzi linapendekera kumanzere, ndinangoyitembenuza. Ndinakasindikiza lalikulu, kugula fulemu yatsopano, kupita nacho kumudzi monyadira. Azakhali anachiyang'ana nthawi yayitali osayankhula kenako anati, "Awa ndi ndani?" Agogo anali ndi chipsera pa tsaya lakumanzere, ine ndinachisamutsira kumanja, ndipo nkhope ya munthu simakhala yofanana mbali zonse, diso limodzi limatsikirako, mlomo umapendekera kwake, ukatembenuza umapeza munthu wofanana nawo koma osati iwo. Chithunzi changa chija chinakathera kuseri kwa kabati.

Ndiye ndikuuzeni zoona, vuto lanu si kuchepa kwa mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi pa kompyuta, ayi, anthu ambiri amathamangira pamenepo n'kumafuna nkhope yakuthwa. Chithunzi chakalecho pachokha n'chofewa, tayang'anani nkhope ya mayi anu pafupipo, nsidze zawo simungaziwerenge imodziimodzi. Mukaikapo nkhope yakuthwa pambali pa yofewa diso limaona nthawi yomweyo kuti apa pamatidwa chinthu. Ntchito yeniyeni ndi yoti nkhope yatsopanoyo ikalambe mpaka ifanane ndi pepala lomwe ikukhalapo, ndipo amene amakulonjezani kuti bambo atuluka "kiliya" kuposa mayi ameneyo musamupatse ndalama, ndanena ine.

Tiyeni tiwerenge pang'ono muone kuti kachithunzi kanuko mwina n'kokwana. Tinene chaukwaticho ndi cha masentimita 10 kwa 15, anthu awiri ataima, nkhope m'lifupi mwake imakhala ngati sentimita imodzi ndi kachidutswa, tinene 1.2. Mukasikana pa 600 dpi, kutanthauza mapikiselo 600 pa inchi iliyonse, malo amenewo ndi mapikiselo pafupifupi 280. Ngati nkhope ya pa WhatsApp ija ili ndi mapikiselo 180 m'lifupi, mukungoyikuza kamodzi ndi theka kuposerako pang'ono, zomwe pa pepala lofewa kale siziwoneka. Ine ndikaona kuti ikufunika kukuzidwa kupitirira kawiri ndimasiya, ndimayamba kufunsa abale ngati pali china. Komanso apa ndipsere mtima pang'ono, WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chomwe mwatumiza mwa nthawi zonse, ndiye chikadutsa kwa msuweni, kwa amalume, kubwerera kwa inu, nkhope imadzaza timabokosi ta JPEG tija, mukakuza mumationa bwinobwino m'mbali mwa maso ndi milomo. Muimbireni msuweniyo asikanenso, ngati n'kakang'ono ngati ka pasipoti achite 1200 dpi, azimitse zonse zonolera ndi zochotsera fumbi pa sikana, atumize ngati Document. Ine ndinatayapo sabata yathunthu kupukuta timabokosi pa chithunzi cha kasitomala wina, kenako n'kumva kuti choyambirira chili m'sutikesi mwa mlongo wake, mtunda wa minibasi imodzi.

Ndipo chaukwaticho ngati chamatirira ku galasi musachimatule chonde, sikanani ndi galasi lomwelo kapena chijambuleni ndi kamera panja pa mthunzi. Sungani fayilo yoyamba ngati TIFF, mtundu wa fayilo umene sutaya kalikonse ka chithunzi, osayikhudza, muzigwira pa kope.

Kuwala ndiye kumene kumagwetsa anthu

Musanadule kalikonse yang'anani mthunzi wa pansi pa mphuno ndi pansi pa chibwano pa nkhope ya mayi, ukuuzani komwe nyali ya mu situdiyo inali. Kenako yang'anani kachithunzi ka bambo. Ngati kumeneko kuwala kukuchokera kutsogolo, monga zimakhalira pa ziphaso, zili bwino, mthunzi mutha kuwonjezera nokha pang'onopang'ono ndi burashi yofewa pa leya yake, leya ili ngati pepala loonekera losanjikiza pamwamba pa chithunzi mu Photoshop. Koma ngati pa chaukwati kukuchokera kumanzere ndipo pa kachithunziko kumanja mwamphamvu, nkhope imeneyo siyikhala, ndipo kutembenuza mwamva kale zomwe kunandichita. Chimodzimodzi ngati mutu wina wayang'ana cham'mbali wina kutsogolo, kapena pa china bambo ali mnyamata pa china ali ndi imvi.

Zikagwirizana, zotsalazo n'zachidule. Ikani nkhope pa leya yapamwamba, tsitsani Opacity kufika 50 kuti zapansi zizionekera, muyikuze mpaka igwirizane ndi zomwe zinatsala pa pepala, khutu, chibwano, malire a tsitsi, mukatero mubweze Opacity pa 100. Musamafufute m'mbali ndi chofufutira, ikani Layer Mask mubise ndi burashi yofewa, ndipo chilichonse chakale chomwe chinapulumuka chisiyeni chiwoneke, tengani maso, mphuno ndi pakamwa basi ngati ndi zokhazo zinawonongeka. Chotsani mtundu pa nkhopeyo, ndi Curves mufananize pakuda ndi powala, chifukwa pa chithunzi chakale pakuda kwambiri sipakhala bii, pamakhala potuwa, ndiye mboni za maso a bambo zisade kuposa za mayi. Mtundu wachikasu uja wa ukalamba muutenge pa chithunzi chomwecho. Kenako ifewetseni ndi Gaussian Blur, yambani pa 1 muzikweza mpaka kufewa kufanane ndi kwa mayi, pomaliza Add Noise pang'ono, 2 kapena 3 peresenti, muchonge Monochromatic, kuti khungu lisasalale ngati pulasitiki pakati pa pepala la timadontho. Pulogalamu ina ya GIMP nayo zonsezi imachita, mayina okha amasiyanako.

Musasindikize lalikulu kaye. Tulutsani la kukula komweko kwa 10 kwa 15, muliyike patebulo, muyitane munthu wamkulu amene ankawadziwa bambo, musamuuze chomwe mwachita mpaka atayankhula, mukatero ndiye muwauze onse kuti nkhopeyo inachokera pa chithunzi china, ine ndimalembanso kumbuyo ndi pensulo. Cha agogo ndinachibwereza patapita zaka ziwiri, chipsera kumanzere, nkhope yofewa ngati ya agogo aakazi. Azakhali anangoti jekete ija inali yobwereka kwa aphunzitsi ena, n'kupitiriza kusenda mtedza.