Shoti ikhale nthawi yaitali bwanji musanaidule?

"Achimwene, ndimajambula zinkhoswe kuno ku Chinamwali. Ndikasiya mashoti aatali, eni ake amati vidiyo ikugonetsa. Ndikamadula motsatira biti ya nyimbo, akuti ikuchititsa chizungulire. Nanga ndizidula pati?"

Achimwene, iwalani kaye nyimbo. Chimene chimalamula ndi diso la woonera: likamaliza kutola zonse zimene zili mu shoti, dulani. Dzanja likuponya ndalama pa perekaniperekani, diso limatola m'sekondi imodzi, kutanthauza mafulemu 25 ngati mukujambula pa 25fps. Koma holo yonse yojambulidwa chapatali imafuna masekondi anayi kapena asanu, chifukwa munthu amayamba wafufuza kumene kuli mkwati ndi kumene akhala akuchimuna. Komanso ambiri adzaonera pa foni, pomwe anthu amaoneka ngati nyerere, ndiye wonjezeraniko pang'ono.

Titenge nthawi yovundukula. Atsikana afunditsidwa zitenje, ankhoswe akufunafuna mkwati weniweni. Apa mpamene ambiri amaononga, amadumphira kwa DJ, ku keke, kwa ana ovina. Ayi. Woonera ali ndi funso m'mutu, "kodi ndi ameneyu?", ndipo funsolo likadalipo shoti siitopetsa, ngakhale itakwana masekondi khumi. Siyani dzanja liyende mpaka ligwire chitenje. Chikavundukulidwa, musathamangire kudula. Nkhope ya mkwati ikhale masekondi ena awiri kapena atatu, timuone akuzyolika ndi manyazi, kenako akumwetulira.

Kuchoka apo ndiye thamangani tsopano: mayi akuimba nthungululu, sekondi imodzi, azakhali akudzuka pampando, sekondi imodzi ndi theka, mapazi, ndalama, nkhope ina. Liwiro limeneli limakoma chifukwa mwayamba mwatidikiritsa. Nthungululuyo muilowetse mafulemu ngati 12 chithunzi cha mayiyo chisanaoneke, khutu litsogole, diso litsatire. Azakhaliwo muwadule ali mkati modzuka, osati asanayambe kapena ataima kale, chifukwa diso likamatsatira thupi loyenda siliona podulira.

Za biti, vuto ndi lakuti mukadula pa biti yachinayi iliyonse, woonera amayamba kuwerenga nanu m'malo moona anthu. Sakanizani, apa zinayi, apa ziwiri, apa mulumphe zisanu ndi zitatu. Chizungulire chija nthawi zambiri chimabweranso chifukwa mkwati ali kumanzere mu shoti iyi, kumanja mu yotsatira, ndiye diso limangothamangathamanga.

Yesani izi mu Premiere Pro kapena DaVinci Resolve. Zimitsani mawu, seweretsani shoti, ndipo pamene mwamva kuti yakwana dinani `M` kuti muike chizindikiro. Bwerezani katatu osayang'ana zizindikirozo. Zikayandikana, podula ndi pomwepo. Zikamwazikana, kawirikawiri ndiye kuti shotiyo ilibe chimene ikunena, ichotseni, ngakhale Phiri la Zomba litaoneka bwino chotani kumbuyoko.

Chenjerani ndi diso lanu lomwe. Shoti mwaiona kambirimbiri, choncho mumafulumira kutopa nayo n'kuifupikitsa mopitirira. Itanani munthu amene kunalibe ku chinkhosweko, akhale pambali panu. Akafunsa kuti "anali ndani uja?", mwadula msanga. Akagwira foni yake, mwachedwa.