Mbuzi zitatu ndi denga la malata: zoyankha pa kalembera wa Mtukula Pakhomo

"Ndimakhala ku Ndirande, mayi anga ali kumudzi ku Dedza. Ali ndi zaka 68 ndipo akulera adzukulu anayi, ana a malemu mkulu wanga. Mchimwene wanga wa zaka 31 amakhala pakhomo pomwepo koma kawirikawiri amakhala ali ku ganyu ku Mozambique. Tamva kuti akalembera akubwera. Anthu akuwauza mayi kuti akabise mbuzi zawo zitatu, asamutchule mchimweneyo, ndiponso anene kuti nyumba ya malata imene ndinawamangira si yawo. Ndikuopa kuti akanena zoona awasiya. Achite bwanji?"

Achemwali, mbuzizo zigone m'khola mwake, ndipo mchimwene wanuyo atchulidwe. Sindikunena izi pongofuna kulalikira za chilungamo ayi. Amene akupereka malangizowa sakudziwa mmene masamu a Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, amayendera, ndipo akufuna kuwanamitsa mayi pa chinthu chimene, malinga ndi mmene mwalifotokozera banjali, sichikuwatsekera njira n'komwe.

Tiyambe ndi mchimweneyo. Chiyambireni pulogalamuyi ku Mchinji mu 2006, muyezo wake wakhala wa mbali ziwiri: banja likhale losaukitsitsa, komanso likhale lopanda anthu okwanira ogwira ntchito. Mbali yachiwiriyi ili ndi masamu ake. Munthu amene amawerengedwa kuti angathe kugwira ntchito ndi wa zaka 19 mpaka 64, amene sakudwala matenda amgonagona ndipo alibe ulumali womulepheretsa kugwira ntchito. Ena onse, ana, okalamba, odwalika, amawerengedwa kuti ndi odalira. Banja limalowa ngati mulibiretu munthu wamphamvu, kapena ngati munthu wamphamvu mmodzi akunyamula odalira opitirira atatu.

Tsono werengani pakhomo pa mayi. Iwo apitirira zaka 64, ndiye kuti ndi odalira. Adzukulu anayi aja, ngati onse sanakwanitse zaka 19, ndi odaliranso. Onse pamodzi ndi asanu. Wamphamvu ndi mmodzi, mchimwene wanu. Asanu pa mmodzi, muyezo uja wapitirira kale. Kumutchula sikukuwachotsa mayi. Zikanasintha zikanakhala kuti mchimweneyo ali ndi mkazi wamphamvu wodyera mphika womwewo, chifukwa odalira asanu pa anthu awiri safika atatu pa munthu mmodzi. Ngati mkaziyo alipo, anenedwe ndithu, pamodzi ndi ana awo ngati alipo, poti anawo nawonso amalowa mbali ya odalira. Koma ngati mchimweneyo ndi banja lake amaphika paokha, ngakhale nyumba zili moyandikana pabwalo limodzi, amenewo ndi mabanja awiri, ndipo akalembera ayenera kuuzidwa choncho. Pa kalembera, banja si fuko, ndi anthu amene amakhalira limodzi n'kumadya kuchokera mumphika umodzi. N'chifukwa chake inuyo a ku Ndirande simulembedwa m'banja limeneli, ngakhale ndinu mwana wa pakhomopo.

Za ku Mozambique, mayi angonena mmene zilili: amachoka mwezi wakuti, amabwera mwezi wakuti, akabwera amabweretsa zakutizakuti kapena amabwera chimanjamanja. Kuti alembedwe ngati wa m'banjamo kapena ayi, asiyireni wofunsayo, iye ndiye ali ndi malangizo ake.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo chadanitsa anthu ndi mafumu awo popanda chifukwa. Kulembedwa si kusankhidwa. Akalembera ambiri masiku ano amalemba za kaundula wamkulu wa UBR, amene amasunga mbiri ya mabanja kuti mapulogalamu osiyanasiyana azitengamo mayina. Mayankho onse amalowa mu kompyuta, ndipo kompyutayo imapatsa banja lililonse mapointi n'kusanja mabanja kuyambira losaukitsitsa kupita m'mwamba. Mtukula Pakhomo, amene anafika m'maboma onse 28 mu 2018, wakhala akutenga pafupifupi mabanja khumi pa mabanja 100 alionse. Ndiye banja likhoza kukwaniritsa zonse n'kutsala, chifukwa malo atha. Kumeneku ndiko kupweteka kwa pulogalamuyi: m'mudzi mmene pafupifupi aliyense akugona ndi njala mu Febuluwale, mzere umadulidwa pakati pa anthu ofanana. Ine ndimaona kuti gawo limeneli ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi umphawi umene uli m'midzi, ndipo amene amakwiya nalo sindimawadzudzula. Koma malo akakhala owerengeka choncho, wolowa ndi bodza salanda za boma. Amakankha munthu wina wa m'dera lomwelo, mwina gogo amene alibe ndi mwana yemwe woti n'kumumangira nyumba.

Tsopano denga. Apa sindikunamizani: malata amawerengedwa. Fomu imafunsa za denga, makoma, pansi pa nyumba, chimbudzi, kumene mumatunga madzi, chimene mumaunikira usiku, munda, ziweto, ndi katundu monga wailesi, njinga, bedi. Nyumba ya malata imalikweza banja pang'ono poyerekeza ndi ya udzu. Koma ndi funso limodzi pakati pa ambiri, ndipo palibe yankho limodzi lotere limene limagamula lokha. Mbuzi zitatu n'chimodzimodzi. Ndiye taganizani bodza limene akuwauza mayi: wofunsayo wakhala pakhonde la nyumbayo, akuona mphasa ndi ziwiya, zitosi za mbuzi zili mbwee pabwalo, khola lili apo, mayi n'kumati nyumba si yanga, ziweto ndilibe. Akalembera sayenda okha, amaperekezedwa ndi anthu a m'dera lomwelo. Pambuyo pake mayina amawerengedwa pamsonkhano wa anthu onse kuti atsimikize. Mneba amene wasunga mbuzizo sabata ino ndi yemweyo amene adzaimirire pamsonkhanowo akadzamva kuti dzina la mayi latuluka, lake ayi. Akapezeka ndi bodza limodzi, ngakhale zoona zimene ananena anthu amayamba kuzikayikira, ndipo dzina likhoza kuchotsedwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa amayi a msinkhu umenewu si bodza lobisa chuma, koma bodza la manyazi. Ili ndilo limagwetsa mabanja oyenera. Kwabwera mlendo wovala bwino, ali ndi tabuleti m'manja, mayi amuyalira mphasa, iye n'kufunsa kuti mumadya kangati patsiku. Mayi, posafuna kunyozetsa ana awo, ati kawiri kapena katatu, pamene zoona zake n'zakuti kuyambira Disembala nsima imaphikidwa madzulo okha ndipo masana ana amangokazinga chimanga. Afunsidwa ngati pali wowathandiza, ati ee, ndili ndi mwana ku Blantyre, osanena kuti thandizolo limabwera mwa apo ndi apo. Afunsidwa za matenda, ati tili bwino, pamene miyendo imatupa ndipo khasu analisiya kale. Afunsidwa za munda, atchula wonse wa makolo, pamene theka anabwereketsa chifukwa chosowa wolima ndi feteleza. Wailesi imene inafa kalekale aiwerengera ngati katundu. Zonsezi n'zabodzanso, kungoti zimavulaza mwini wake. Kunena zoona kumene ndikukulimbikitsani ndi kunena zonse: mbuzi zilipo zitatu, ndipo chimanga cha chaka chino chinatha mwezi wakuti. Malata alipo, anakhoma ndi mwana wanga, pansi ndi pozira.

Mukawaimbira foni mayi, auzeni poyera kuti simudzachita manyazi akanena mmene mumatumizira ndalama. Ambiri amakometsera nkhani pofuna kuteteza ulemu wa mwana wa m'tauni, ndipo inu nokha ndi amene mungawamasule pamenepo.

Pali mchitidwe winanso umene mwina awauza kale, wobwereka ana a eni kuti banja lioneke lalikulu. Phindu lake n'lochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Ndalama zimakwera kuchokera pa banja la munthu mmodzi, awiri, atatu, n'kukaima pa anayi. Banja la anthu anayi ndi la anthu asanu ndi awiri amalandira gawo lalikulu lofanana. Chimene chimawonjezera ndi kandalama ka mwana aliyense wa pasukulu, ka kusekondale kokulirapo kuposa ka kupulayimale, ndipo za sukuluzo zimatsatiridwa. Komanso mwana mmodzi akalembedwa m'mabanja awiri, mabanja onsewo amalowa m'mavuto. Mayi ali kale ndi anthu opitirira anayi, alibe chifukwa chobwerekera mwana wa munthu.

Zokonzekera tsiku la kalembera

Chiphaso cha unzika cha mayi chikhale pafupi, cha mchimwene wanunso ngati anachisiya, ndi cha mdzukulu aliyense amene wakwanitsa zaka 16. Zaka za mayi zitengedwe pachiphaso, asangoyerekeza. Munthu wa zaka 68 akalembedwa molakwika kuti 63, kompyuta imamuika m'gulu la amphamvu, ndipo masamu aja amasanduka odalira anayi pa anthu awiri, banja n'kugwa. Cholakwika cha nambala imodzi chikhoza kuchita zimene mbuzi zitatu sizikanachita. Dzina nalo lilembedwe ndendende mmene lilili pachiphaso, osati la kwa amuna awo ngati pachiphaso pali la bambo awo, chifukwa mayina akasiyana ndalama zimavuta kutuluka.

Za ana, asonkhanitse mabuku a kusikelo kapena zikalata za kubadwa, ndipo wina alembe papepala dzina la mwana aliyense, tsiku lobadwa, sukulu ndi kalasi. Anene kuti anawa ndi amasiye. Buku la kuchipatala la aliyense wodwala matenda okhalitsa lionetsedwe. Mayi ayankhe okha, koma mdzukulu wamkulu wodziwa kuwerenga akhale pambali, ndipo pomaliza apemphe wofunsayo kuti awawerengere mayina, zaka ndi chiwerengero cha anthu asanachoke.

Kulembetsa n'kwaulere. Palibe cholipira kwa mfumu, kwa wa komiti kapena kwa wolemba, ndipo wonena kuti adzalowetsa dzina mukamupatsa kangachepe, kapena kuti muzidzagawana ndalamazo, akanenedwe. Ngati m'dera lawo amalandirira pafoni kapena pakhadi, nambala ikhale yolembetsedwa m'dzina la mayi ndipo PIN asapatse munthu. Munthu wodzawalandirira ndalama iwo akadwala amusankhe okha, wapafupi, osati inu amene muli kutali.

Tsiku la msonkhano wowerenga mayina asajombe, chifukwa zolakwika zimakonzeka mosavuta pamenepo kusiyana ndi pambuyo. M'madera ena malamulo osankhira akusintha n'kumayang'ana magulu monga okalamba, aulumali ndi ana aang'ono, choncho afunse pamsonkhanowo kuti kwawoko akutsata muyezo uti. Dzina likapanda kutuluka, apite ku komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lawo kapena ku komiti yomva madandaulo, apemphe kuti dandaulo lawo lilembedwe ndiponso kuti zaka ndi chiwerengero cha anthu ziunikidwenso. Zikakanika pamenepo, nkhaniyo ipite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Dedza, atatenga ziphaso ndi mabuku onse aja.