Kalata ya msonkho ya ku Jeremani yoti mulipire mayuro 640

"Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Jeremani. Ndalandira kalata yochokera ku Finanzamt ya pa 10 Malichi 2025, ndipo pa tsamba loyamba pali mayuro 640. Kodi akundilipiritsa kapena akundibwezera? Nanga ngati alakwitsa nditani? Chithunzi chake ndatumiza."

Mayi, kalata imeneyi ndi Einkommensteuerbescheid, chigamulo cha ofesi ya msonkho itawerengera zomwe munapeza chaka chonse. Pamalo pomwe pali ndalamazo alembapo kuti `Bitte zahlen Sie`, kutanthauza kuti mulipire, ndipo tsiku lomaliza kulipira lili pomwepo. Zikanakhala zobwezera, akanalemba kuti ndalamazo azitumiza ku akaunti yanu ya kubanki.

Anthu ambiri amathera pa tsamba loyambalo, koma nkhani yeniyeni ili kumapeto, pa gawo la `Erläuterungen`, pomwe ofesi imafotokoza zimene yasintha pa zomwe munalemba. Pa kalata yanu akuti ulendo wa kuntchito auwerengera makilomita 18 m'malo mwa 36 amene munalemba. Apa sanalakwitse ayi, chifukwa lamulo lawo limawerengera mtunda wopita wokha, wobwerera osauphatikiza, ndipo pa mtunda ngati wanuwu, mpaka chaka cha 2025, ankalola masenti 30 pa kilomita pa tsiku lililonse limene munapita kuntchito. Pamenepa ine sindingakulangizeni kutsutsa. Mzere wachiwiri ndi womwe wandiimitsa, chifukwa akana ndalama za maphunziro a ntchito ponena kuti umboni sanauone. Ngati malisiti munasunga, mfundo muli nayo.

Kutsutsa chigamulo amakutcha `Einspruch`, ndipo sikulipiritsa. Mumalemba kalata kapena kutumiza pa ELSTER, webusaiti ya boma yotumizirapo za msonkho, mukutchula nambala yanu ya msonkho, tsiku la chigamulo ndi chimene mukukana. Nthawi yake ndi mwezi umodzi, koma sayambira tsiku limene mwatsegula envelopu. Kuyambira Januwale 2025, kalata yapapositi imatengedwa kuti yafika pa tsiku lachinayi itatumizidwa, choncho yanu ya pa 10 Malichi imawerengedwa kuti inafika pa 14 Malichi, ndipo kutsutsa kwanu kuyenera kukhala kutafika ku ofesiko pofika pa 14 Epulo. Kungoponya kalata ku positi tsiku limenelo sikukwanira.

Pomwe ambiri amagwera m'mbuna ndi poganiza kuti akatsutsa ndiye kuti aleke kulipira. Ngongoleyo imakhalapobe pokhapokha mutapempha padera kuti ayimitse kutolera, pempho lomwe amalitcha `Aussetzung der Vollziehung`. Mukangokhala chete, amaonjezera 1 peresenti pa mwezi uliwonse umene wayambika, atatsitsa ngongoleyo kufika pa nambala yogawika ndi 50, ndiye pa mayuro 640 amawerengera 600, kutanthauza mayuro 6 pamwezi. Ndikanakhala inu ndikanalipira pa nthawi yake n'kutumiza kutsutsako pamodzi ndi malisiti, popeza akavomereza amabweza zimene munalipira mopitirira.