Mpunga ndi ndiwo zotsala zikagona popanda furiji

"Alamu, ndaphika mpunga, nkhuku ndi nyemba cha m'ma 6 koloko madzulo ano koma alendo aja sanabwere, zatsala zambiri. Furiji yathu inafa. Ndisunge bwanji kuti ana adye mawa m'mawa, nanga zingakhale masiku angati?"

Alamu, ndauona uthenga wanu, ndiye ndingojambula mawu chifukwa polemba ndichedwa, pomwe nthawi ikupita. Choyamba musiyanitse mpungawo ndi ndiwozo. Nkhuku ndi nyemba tingazipulumutse mpaka m'mawa. Mpunga ayi, usagone panja pa furiji, makamaka ndi kutentha kwa Okutobala kuno. Ndifotokoze chifukwa chake, popeza ndikudziwa kuti kutaya mpunga masiku ano kumapweteka mtima.

Mpunga wosaphika umabwera ndi tizilombo tina ta m'dothi totchedwa Bacillus cereus. Kachilombo kameneka kali ndi nzeru yake: kamadzitsekera m'kachigoba kolimba ngati njere, ndipo madzi owira sakapha. Tizilombo tina tambiri timafa mupoto muja, koma njere zimenezi zimatsala. Mpunga ukakhala wotentha kwambiri, kupitirira madigiri 60, zimangogona. Ukayamba kupola n'kufika pofunda, pamene mungapise dzanja osapsa, zimadzuka n'kuyamba kuswana. Pamalo ofunda bwino tizilombo ta mtundu umenewu timatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Tiwerenge ndi mphindi 20: kamodzi kokha, pakatha maola 7, kafika pa 2 miliyoni. Inu mwaphula 6 koloko, ana adzadya 6 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 12, alamu.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amanamizika. Amati ndiutenthetsa m'mawa, kapena ndiukazinga ndi mafuta ndi anyezi, tizilombo tifa. Inde tizilomboto tifadi, koma tikamaswana timasiya poizoni mumpungamo, ndipo poizoni ameneyo moto sumuononga. Muwiritse, mukazinge, ali momwemo. Choopsanso china n'chakuti mpungawo ukhoza kukhala wosanunkha, wosananda, wokoma bwinobwino. Mphuno imakuuzani za chakudya chosasa, koma za poizoni uyu siingakuuzeni. Mwana amadya 6 koloko, pofika 8 kapena 9 koloko aphunzitsi akuimba foni kuti akusanza. Kusanza kwake kumabwera msanga choncho, pakati pa theka la ola ndi maola 6 munthu atadya.

Ndiye mpungawo muchite chimodzi mwa ziwiri, ndipo muchite pompano. Lamulo lomwe a zaumoyo amaphunzitsa ndi lakuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupyola madigiri 32 likhale ola limodzi lokha. Njira yoyamba, udyedwe usiku uno. Pakulirani ana, gawirani aneba, asangalala. Njira yachiwiri, ngati pali mnzanu pafupi amene furiji yake ikugwira ntchito ndipo magetsi alipo, uchotseni mpungawo mupoto, muuyale pathireyi yoyera kapena m'mbale zazikulu, wosakhuthala kupitirira zala ziwiri. Mupoto wodzadza wovundikira, pakati pamakhala pofunda kwa maola ambiri, pomwe mukauyala umapola pa mphindi 20 kapena 30. Nthunzi ikasiya kutuluka, uikeni m'chotengera chotseka n'kupita nawo kufuriji. Mawa muudye tsiku lomwelo. Potenthetsa, wazani madzi masupuni awiri pa kapu iliyonse ya mpunga, vundikirani, takasani kamodzi kapena kawiri kufikira nthunzi ikutuluka paliponse, pakati pomwe. Kutenthetsa ndi kamodzi kokha. Wotsala pamenepo ndi wa nkhuku za pakhomo.

Ngati zonsezi sizitheka, musadzivute. M'mawa phikani wina. Kapu imodzi ya mpunga wosaphika imatulutsa pafupifupi makapu atatu, ndipo pambaula yoyaka kale ndi mphindi 20 basi.

Paja muli ndi fuduwoma ija munalandira pa ukwati? Musaikemo mpunga kuti ugone. Fuduwoma imasunga chakudya chotentha kwa maola ochepa, kenako chimasanduka chofunda, ndipo chimakhala chofunda choncho usiku wonse. Kumeneko ndiko kutentha kumene tizilombo timakonda. Poto wosiyidwa pambaula ya makala ozilala ndi chimodzimodzi.

Tibwere kundiwo. Njira imene amayi athu ankachita kumudzi, yowiritsa ndiwo usiku n'kuwiritsanso m'mawa, ili ndi nzeru, bola ichitike mwa ndondomeko yake. Sikuti ikufanana ndi furiji, ayi, koma imachepetsa kwambiri ngozi pa usiku umodzi.

Yambani ndi nkhuku. Nthuli zimene zinafika kale patebulo, zimene anthu apisamo manja kapena kusunsamo nsima, musazibwezere mupoto. Pakhungu la munthu ndi m'mphuno mumakhala tizilombo tina totchedwa Staphylococcus aureus, ndipo natonso timasiya poizoni wosamva moto. Zosunga ndi zokhazo zimene zatsala mupoto. Nthuli zikuluzikulu monga chidali ndi ntchafu muzidule pakati kuti moto ulowe. Msuzi ukakhala wochepa thirani theka la kapu ya madzi, cholinga nthuli zimire kapena zitsale pang'ono kumira. Ikani pamoto. Musawerenge nthawi kuyambira pomwe mwatereka, koma kuyambira pomwe msuzi wayamba kubwata poto yense, osati m'mbali mokha. Takasani kamodzi ndi supuni yotsuka, vundikirani, ziwire mphindi 10. Mukaphula musavundukulenso. Osalawa, osapisa supuni, ndipo bambo aja akabwera usiku kufuna kanthuli kamodzi muwauze kuti poto watsekedwa. Akatsegula ndiye kuti muwiritsanso.

Kenako poto apole msanga. Tengani beseni, thiranimo madzi ozizira a mumtsuko, khazikani potoyo m'madzimo ali chivundikirire, madzi afike pakati pa poto koma asalowe. Madzi akafunda, tayani thirani ena, kawiri kapena katatu. Mukatero muike poto pamalo ozizira kuposa onse m'nyumbamo, pansi pa simenti, kutali ndi mbaula ndi khoma limene limaombedwa dzuwa masana. Musanjike mwala kapena mbale yolemera pachivundikiro chifukwa cha mphaka, makoswe ndi mphemvu. Kumusiya m'beseni la madzi momwemo usiku wonse n'kwabwino, nyerere sizifikanso.

M'mawa, chinthu choyamba musanasese n'komwe, poto pamoto. Kuwiritsa kwa m'mawaku ndiko kofunika kuposa kwa usiku kuja. Munyama ndi munyemba mumapezeka kachilombo kena, Clostridium perfringens, kamene nakonso njere zake sizifa ndi madzi owira, ndipo kamakonda pansi pa msuzi wokhuthala pomwe mpweya sufika. Usiku kamadzuka n'kuswana. Mwayi wake ndi wakuti aka kakadzuka moto umakapha. Koma kufunditsa chabe, kuja timati bola mafuta asungunuke, sikukwanira. Zibwate mphindi 10 zina, mukutakasa mpaka pansi. Munthu akadya zongofunditsa, m'mimba mumayamba kupota ndi kutsegula patatha maola 8 mpaka 16, ndiye ambiri amanamizira chakudya cha masana pomwe cholakwa chinali cha m'mawa.

Musanatereke, yang'anani kaye. Mukavundukula n'kupeza thovu pamwamba, msuzi ukutulutsa timpweya wokha uli wozizira, fungo lowawasa, kapena nthuli ikuterera m'manja ngati yapakidwa therere, zimenezo zagaga. Tayani, musayese kuzikonza ndi moto kapena soda.

Nyemba muzichite chimodzimodzi koma mupoto wakewake, ndipo muzikayikire kuposa nkhuku. Zimasasa msanga, makamaka zothira tomato ndi anyezi, ndipo chifukwa chokhuthala pakati pake pamachedwa kupola komanso pamachedwa kutentha. Ngati ndi poto wamkulu wodzadza, gawani m'mapoto awiri musanawiritse, nyemba zisazame kupitirira zala zinayi. Thirani madzi pang'ono ndipo muzitakasa, apo ayi zipserera pansi pamwamba pakadali pofunda.

Za masiku angati zija, alamu, palibe masiku. Ndi usiku umodzi. Nkhuku, nyama ya msuzi ndi nyemba zowiritsidwa motere zidyedwe m'mawa womwewo zikangochoka pamoto, ndipo zotsala zisaonenso usiku wachiwiri. Ndikudziwa ena amawiritsa m'mawa ndi madzulo mpaka masiku atatu, koma ulendo uliwonse ndiwo zikamapola zimadutsa pofunda paja, ndipo poizoni amene wapangika samachoka. Nsomba zaziwisi za msuzi, kaya chambo kaya mlamba, mazira ophika ndi tomato, masamba otendera nsinjiro, ndi saladi ya kabichi, zimenezi zisagone n'komwe. Zomwe zimapirira ndi zouma: usipa kapena matemba okazinga gwaa opanda tomato, ndi nyama yokazinga mpaka madzi onse atha, yothira mchere wokwanira. Tizilombo timafuna chinyezi, ndiye chouma chimatichedwetsa, komabe muzitenthetse musanadye. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumalo ozizira ngati Dedza, ndiwo zimafika m'mawa zili bwinopo kusiyana ndi ku Nsanje mu Novembala, koma ngakhale kuzizire chotani m'nyumba simufika pa madigiri 5 a m'furiji.

Chinanso ndikupempheni. Kamwana kanu kakang'ono kaja musakapatse ndiwo zogonazi, ngakhale mwaziwiritsa bwino. Kaphikireni phala lake latsopano. Agogo, munthu woyembekezera, ndi aliyense amene thupi lake ndi lofooka ndi matenda, nawonso adye zophikidwa kumene. Chimene wamkulu wamphamvu amangomva nacho kupota pang'ono, mwana wa chaka chimodzi chimamuthera madzi m'thupi tsiku limodzi. Ndipo ana a sukuluwo adye kunyumba zili zotentha, musawaikire nkhukuyo m'kontena kuti akadye pa buleki.

Wina akapezeka wasanza kapena watsegula m'mimba, yambani kumumwetsa Thanzi pang'onopang'ono, kasupuni kasupuni ngati akusanza. Mukasowa paketi, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira. Nthawi zambiri zimatha pa tsiku limodzi. Koma mwana akamasanza chilichonse chimene wamwa, maso akalowa, akasiya kukodza, akafooka kwambiri, akatentha thupi, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana.

Pano yakwana 7 koloko. Yambani ndi mpungawo, kenako kolezani mbaula ya nkhuku ija.