Kukonza chikwangwani ndi nambala ya nyumba pa chithunzi chopangidwa ndi kompyuta

"Ndimapenta mashopu ku Rosettenville. Ndapanga chithunzi cha shopu ndi Stable Diffusion kuti ndionetse kasitomala, koma chikwangwani sichikuwerengeka, ndipo 47 wa pampanda watuluka wopindika. Ndikonze bwanji?"

Achimwene, musadzivutitse ndi kubwerezabwereza, chifukwa pulogalamuyi silemba monga mulembera inu ndi burashi, imangojambula zinthu zooneka ngati zilembo. Komanso imagwira ntchito pa chithunzi chochepetsedwa ka 8 m'litali ndi m'lifupi, kotero nambala yotalika mapikiseli 24 kwa iyo ndi timadontho 3 tokha, ndipo m'timadontho totere 7 sangasiyane bwino ndi 1. Njira yodalirika ndi kufufuta zolembazo n'kuzilemba nokha.

Ngati mukufuna kukulitsa chithunzicho, yambani ndi zimenezo, popeza kukulitsa pambuyo pake kungapotoze zilembo zomwe mwakonza kale. Kenaka pitani pa Inpaint, chida cha mu Stable Diffusion chojambuliranso gawo lokhalo lomwe mwapaka, mupake chikwangwani chonse mpaka kupyola pang'ono m'mphepete mwake, musankhe Only masked, ndipo Denoising strength, yomwe ndi mphamvu yosinthira chithunzi, ikhale pafupifupi 0.75. Lembani mzere woyambawu m'bokosi la Prompt, ndipo mawu otsatira Negative prompt muwalembe m'bokosi la dzina lomwelo:

```
blank painted signboard
Negative prompt: text, letters, numbers
```

Mukaika mphamvu yochepa, zilembo zakale zimatsala ngati zipsera pansi pa penti. Chitaninso chimodzimodzi pampanda pomwe pali nambala, koma m'malo mwa signboard mulembe wall.

Bolodi likayera, tsegulani chithunzicho mu GIMP, yomwe ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, mulembe dzina la shopu pa leya yakeyake. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa amasiya mawu atayang'ana kutsogolo pomwe khoma lapendekeka, ndipo aliyense amazindikira msanga kuti ndi omata. Gwiritsani ntchito Perspective, mukokere ngodya zinayi za mawuwo motsatira ngodya za bolodi, kuti mzere wa pansi pa zilembo uyende limodzi ndi mizere ya njerwa. Ngati zilembo ndi zoderako, osati zakuda bii, pa khoma lowala, leyayo ikhale pa Multiply kuti kukhakhala kwa pulasitala kuonekere mkati mwa penti. Zoyererako, osati zoyera mbee, pa bolodi lakuda zimafuna Screen. Onjezerani Gaussian Blur ya pikiseli imodzi, chifukwa chilembo chakuthwa kuposa zenera loyandikana nacho chimadziulula chokha. Ngati 47 wanuyo ndi wachitsulo, mupatseni kamthunzi kolowera komwe kwalowera mthunzi wa geti.

Ena amabweza chithunzicho mu Inpaint kuti zonse zilowerane. Ine ndimatero pokhapokha zilembo zili zazikulu, ndipo pa Denoising strength sindipyola 0.25, chifukwa mukayandikira 0.4 pulogalamu imayambanso kuzipotoza.

Musanatumize, yang'ananinso timabolodi ta makampani achitetezo tomwe tili mbwee pamipanda ya mu Johannesburg muno, chifukwa kompyuta ikatijambula imalembapo zosamveka, tifufuteni ndithu. Ngati nyumba zoyandikana zikuoneka, zipatseni 45 ndi 49, osati 46 ndi 48, chifukwa manambala amenewo kawirikawiri amakhala tsidya lina la msewu.