Kuphunzitsa, kulangiza kapena kuyang'anira?

"Kalaliki wanga watsopano amachedwetsa lipoti la mwezi. Ndizimuphunzitsa, ndizimulangiza, kapena ndizingomuyang'anira?"

Bwana, yambani mwafufuza chimene chikumuchedwetsa. Muuzeni alembe gawo limodzi inu mukuona. Akamakakamira pophatikiza manambala, ndiye kuti luso ndi lomwe likusowa, ndipo apa mpofunika kochi. Kochi samulembera munthu ntchito, amamufunsa kuti, "Wayambira pati? Pavuta mpati?" kenako amamusiya ayesenso. Muzikumana mphindi 30 sabata iliyonse, pa luso limodzi lokhalo, ndipo akalidziwa musiye.

Koma ngati pamaso panu walemba bwinobwino, kumuphunzitsa nkutaya nthawi. Muyang'anireni: mumuuze tsiku lenileni lopereka lipotilo, muone pomwe wafika kutatsala masiku atatu, ndipo akalephera mulembe kuti walephera. Ndimawamvera chisoni mabwana amene amaopa zimenezi nkumangobwereza maphunziro, chifukwa wantchito amazolowera kuti kuchedwa kulibe mlandu.

Kulangiza kumatenga miyezi ngakhale zaka, ndipo nkhani yake ndi tsogolo la kalalikiyo pantchito. Mumupezere mkulu wa dipatimenti ina woti azimulangiza. Kwa inu, amene mumasaina zomukweza, sangamasuke kunena zofooka zake.