Kasitomala akati "mungondisokera chabwino"

"Amayi, ndine telala wongoyamba kumene kuno ku Katete. Anthu amabwera ndi chitenje n'kungoti 'mundisokere chabwino.' Ndikawapatsa foni kuti aone masitayelo, ola limatha asanasankhe, ndipo ena ndikasoka amati si zimene amafuna. Ndizitani?"

Asisi, foniyo yambani mwaibweza m'chikwama. Munthu amene mawu akumusowa, mukamuunjikira zithunzi zambirimbiri mumangomuzunguza mutu. Chilichonse chimaoneka chokongola chifukwa wavala ndi wina, wathupi lina, pa nsalu ina. Ine pa mashini anga kuno ku Kapata, m'Chipata, ndimaonetsa zitatu basi. Koma zitatuzo sinditola mwachisawawa, ndimayamba ndafunsa.

Funso loti "mukufuna sitayelo yanji?" lisiyeni, ndi lomwe lamukanika kalelo. Funsani zimene akudziwa. Chovalachi mupita nacho kuti? Mukakhala pa mpando kapena pansi? Muli ndi wakhanda? Apo n'kuti mukutambasula chitenje patebulo ndi kuyeza. Mamita 2 ndi siketi kapena bulauzi, osati zonse. Mamita 4 amatulutsa siketi ndi bulauzi yake. Diresi lalitali lotambalala, la duku lake, limafuna mamita 6 kuti musapanikizike. Maluwa a chitenje akakhala akuluakulu, nsalu imadyeka pogwirizanitsa maluwawo m'misoko. Mayankho awiri atatu ndi tepi, masitayelo ambiri amagwa okha.

Chaka chatha mu Ogasiti kunabwera mayi wina ndi mamita 4, mwana kumbuyo. Anati akupita ku Kulamba, ku Mkaika kwanuko, ndipo akagona kwa apongozi. Zimenezi zinandiuza zambiri. Kuli fumbi, kuli kukhala pansi nthawi yaitali, kuli kugwada popereka moni, ndipo mwana adzafuna bere pakati pa anthu. Siketi yothina m'maondo ndinaichotsa mumtima, zipi wakumbuyo nayenso. Ndiye ndinatulutsa zitatu: siketi yaitali yotambalala ndi bulauzi ya mabatani kutsogolo, diresi lofika m'munsi mwa maondo la zipi wa pachifuwa, chachitatu, bulauzi yokha, mamita 2 otsalawo akhale chitenje chomanga m'chiuno. Chilichonse ndinatchula mtengo wake nthawi yomweyo, chifukwa ambiri amene amati "sindikudziwa" vuto ndi ndalama, koma manyazi awagwira kufunsa.

Onetsetsani kuti zitatuzo n'zosiyanadi. Mukaonetsa madiresi atatu osiyana kolala yokha, mwamusankhira kale diresi, iye akungotola zotsalira. Komanso musaikemo chimene simungasoke bwino, kapena chimene sichingathe pa tsiku limene akuchifuna, pofuna kungokwanitsa nambala. Akaloza chomwecho mudzatani? Ziwiri zoona zimakwana.

Mukaonetsa, khalani chete ndipo muziyang'ana manja ake. Mayi uja pakamwa ankati zonse n'zabwino, koma chala chinkabwererabwerera pa chithunzi cha siketi yotambalala. Ndinamufunsa kuti, "Pa zitatuzi, chimene simungavale ndi chiti?" Anayankha mosazengereza kuti diresi ayi, limamuonetsa mimba. Kukana n'kosavuta kuposa kusankha, ndipo chifukwa chimene wakanira ndicho chimakuuzani zimene wakhala akulephera kunena. Apo ndinadziwanso kuti bulauzi ikhale yomasuka pamimba, yotsika kuphimba chiuno.

Akakana zonse zitatu musakhumudwe, musathamangirenso foni. Funsani cholakwika pa chilichonse, kenako mubweretse ziwiri zatsopano. Ndipo nthawi zonse muzisiya khomo lotsegula ndi mawu akuti, "Ngati palibe chakugwirani mtima, nenani, tiona zina." Anthu athu ndi aulemu kwambiri, makamaka wamng'ono pamaso pa wamkulu. Amatha kuvomera kuti asakuvutitseni.

Apa m'pamene ndinapsa nditangoyamba ntchito. Mtsikana wina anabwera ndi azakhali ake kudzasoketsa chovala cha Nc'wala, ku Mtenguleni. Azakhali ndiwo ankayankha zonse, iye maso pansi, "eya, chomwecho." Ndinadula. Tsiku loyeza anavala, n'kuima pagalasi osamwetulira, misozi ili lengelenge, ndipo nsaluyo anaigula ndi ndalama zake zogulitsa tomato. Mpaka lero zimandiwawa. Chiyambire pamenepo, ndikaona woperekeza akulankhula kwambiri, ndimamutengera mwini chovala kuseri kwa katani ngati tikukayeza, n'kumufunsa ali yekha.

Wina akati "inuyo mungandisankhire chiti?" muyankheni, musazembe. Nenani chimodzi ndi chifukwa chake: "Ine ndikanatenga ichi, chifukwa mudzayamwitsa osavula." Akavomera, jambulani chovalacho m'buku la miyezo iye akuona, manja afika apa, utali apa, mabatani kutsogolo, mtengo ndi tsiku lodzatenga. Muwerengereni, agwedeze mutu, ndiye mugwire sizasi.